DFS kapena BFS: chochita kuyenda mu mtengo wa deta kukasokonekera

Ndakhala ndikuwerenga khodi ya anthu amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo ikafika nkhani ya mitengo, vuto limakhala lomwelomwelo. Munthu amatha kulemba DFS, BFS nayonso amaitha, koma mukamufunsa chimene wasankhira imodzi kusiya inzake amayankha kuti "ndi yomwe ndinazolowera" kapena "ndi yachangu". Kunena za changu n'kumene kumandidetsa nkhawa, chifukwa ngati mukuyendera mtengo wonse, njira ziwirizi zimafika kamodzi pa nodi iliyonse, kutanthauza chidutswa chilichonse cha deta mu mtengomo, ndipo nthawi yake ndi `O(n)` konsekonse, yokula molingana ndi kuchuluka kwa manodi. Zimasiyana pa zinthu ziwiri zokha: nodi imene zimayamba kuiona, ndi manodi amene zimasunga mu memore zikadali pa ulendo. Pafupifupi vuto lililonse m'munsimu limachokera pa chimodzi mwa ziwirizi.

DFS imatsata nthambi imodzi mpaka kunsonga, kenako n'kubwerera kukatenga ina. Imasunga manodi pa mulu, ndipo yomwe yaikidwa pomaliza ndiyo imayamba kuchotsedwa. BFS imamaliza manodi onse a mulingo umodzi isanatsikire mulingo wotsatira. Iyo imasunga manodi pa mzere, ndipo yomwe inayamba kulowa ndiyo imayamba kutuluka.

Tigwiritsa ntchito mtengo uwu mpaka kumapeto. Muzu ndi 50, uli pa mulingo 1, ndipo masamba, kutanthauza manodi opanda ana, ndi 10, 40 ndi 80.

```
          50
        /    \
      30      70
     /  \       \
   20    40      90
   /            /
 10           80
```

BFS ikupatsani 50, 30, 70, 20, 40, 90, 10, 80. DFS yoyamba ndi kholo ikupatsani 50, 30, 20, 10, 40, 70, 90, 80. Lembani mizere iwiriyi papepala, muzifanizira ndi zomwe khodi yanu ikutulutsa.

## Yankho lapezeka, koma si lapafupi kwambiri

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse. Funso likuti pezani tsamba loyandikira muzu, kapena kuya kochepetsetsa kwa mtengo, koma pulogalamu yanu ikubweza chinthu chomwe chili kutali.

1. Mwagwiritsa ntchito DFS n'kuima pa choyamba chomwe mwakumana nacho. Mu mtengo wathu DFS imatsika 50, 30, 20, 10, n'kunena kuti tsamba lili pa mulingo 4. Komatu 40 ili pa mulingo 3, kungoti DFS inali isanafikeko. Kuti mutsimikize, sinthanitsani ana a kumanzere ndi a kumanja a 30, muyendetsenso. Yankho likasintha, ndiye kuti limadalira mbali yomwe munayambira, osati mtunda.

Kukonza kwake n'kugwiritsa ntchito BFS:

```python
from collections import deque

def kuya_kochepa(muzu):
    if muzu is None:
        return 0
    mzere = deque([(muzu, 1)])
    while mzere:
        nodi, kuya = mzere.popleft()
        if not nodi.left and not nodi.right:
            return kuya
        for mwana in (nodi.left, nodi.right):
            if mwana:
                mzere.append((mwana, kuya + 1))
```

Khodi iyi ichotsa 50, 30, 70, 20, kenako 40, n'kuima pomwepo. Yachotsa manodi 5 mwa 8. Chomwe chikuilola kuima msanga n'choti BFS sitsika pa mulingo 4 pa mulingo 3 pakadali nodi yosaonedwa, choncho tsamba loyamba kulipeza palibe lina lingalipose kufupika. DFS ikhozanso kupeza yankho loona, koma iyenera kusunga lochepetsetsa n'kumapitiriza kufufuza nthambi zinazo.

2. Mwalemba `min(kumanzere, kumanja) + 1` osaganizira nodi ya mwana mmodzi. Cholakwa ichi chimabisala, chifukwa pa mtengo wodzaza bwino sichioneka. Taonani 70: ilibe mwana wa kumanzere, ndiye mbali imeneyo ibweza 0, ndipo 70 ioneka ngati tsamba pamene si tsamba. Yankho lonse lituluka 2 m'malo mwa 3. Mukapeza yankho lochepera pa loona, yang'anani pano. Nodi ikakhala ndi mwana mmodzi, tsatani mwana ameneyo yekha, mbali yopanda kanthu muisiye.

3. Nthambi zili ndi kulemera kosiyana. BFS imawerenga masitepe okha. Ngati kuchoka pa 50 kupita pa 30 kumatenga masekondi 9 pamene kupita pa 70 kumatenga sekondi imodzi, chapafupi pa masitepe sichikhalanso chapafupi pa nthawi. Apa pafunika njira ya Dijkstra, yomwe imachotsa kaye nodi ya mtunda wochepetsetsa, ndipo ya Dijkstra yeniyeniyo imafuna kuti kulemera kusatsike pansi pa 0.

Ndionjezepo mfundo imodzi yomwe ambiri amaiphonya. Mu mtengo weniweni, pakati pa manodi awiri pamakhala njira imodzi yokha. Ndiye funso likati pezani njira yochoka pa 50 kukafika pa 80, palibe yaifupi ndi yaitali yoti musankhe. DFS ndiyo yophweka pamenepo, popeza njira yomwe mwadutsa ndi yomwe ili pa mulu. BFS imapambana pamene zofunidwa zili zingapo ndipo mukufuna choyandikira.

## Manodi onse atuluka, koma dongosolo lake silimenelo

1. Ntchito mwaiika pa malo olakwika mu fankishoni yodziitana yokha. DFS ili ndi mitundu itatu, ndipo kusiyana kwake ndi nthawi yomwe kholo limagwiridwa ntchito. Pa `preorder` kholo limayamba, ana pambuyo. Pa `inorder` kholo limakhala pakati pa mwana wa kumanzere ndi wa kumanja. Pa `postorder` kholo limadikira ana onse athe. Mu khodi ndi mzere umodzi wokha umene umasuntha, n'chifukwa chake kulakwitsa n'kosavuta.

Njira yodziwira mtundu woyenera ndi kudzifunsa kuti uthenga ukuyenda kulowera kuti.

- Ngati kholo silingadziwe yankho lake ana asanayankhe, pafunika `postorder`. Kuti mudziwe kuphatikiza kwa manodi onse a pansi pa 30, muyenera kulandira 30 kuchokera ku nthambi ya 20 ndi 10, ndi 40 kuchokera kumanja, kenako n'kuonjeza 30 yake, zikwane 100. Kutalika kwa mtengo, kukula kwa foda pamodzi ndi mafoda a mkati mwake, ndi kufufuta mtengo nodi ndi nodi, zonsezi zimayenda chonchi.
- Ngati mwana akufuna kanthu kochokera kwa kholo, monga njira yomwe yadutsidwa kapena kuya kwake, pafunika `preorder`.
- Ngati mtengo ndi wosanjidwa, zazing'ono kumanzere zazikulu kumanja, ndipo mukufuna manambala motsatizana, pafunika `inorder`. Pa mtengo wathu ikupatsani 10, 20, 30, 40, 50, 70, 80, 90.

BFS pa mafunso a mtundu woyamba uja imavutitsa, chifukwa imaona 30 isanaone ana ake, ndipo ikafika kwa anawo, 30 inachoka kale pa mzere. Mutha kuikakamiza posunga manodi onse n'kuwayendera chobwerera m'mbuyo, koma mwangodzionjezera ntchito yomwe DFS imachita yokha.

2. Mwasiya kudziitana n'kugwiritsa ntchito mulu, koma mwaika mwana wa kumanzere poyamba. Chizindikiro chake n'chodziwikiratu, mtengo umatuluka ngati mukuuonera pa galasi: 50, 70, 90, 80, 30, 40, 20, 10. Poti choikidwa pomaliza ndicho chimayamba kuchoka, ikani wa kumanja poyamba, wa kumanzere pambuyo.

3. Mwalemba `pop()` pamene mumafuna `popleft()`. Khodi ikuoneka ngati BFS, dzina la fankishoni likutinso BFS, koma ikuyenda ngati DFS. Pa `deque`, `pop()` imachotsa kumapeto komwe mukuikira, ndiye mzere wanu wasanduka mulu.

## Mtengo wolakwika ukuvomerezedwa kuti ndi wosanjidwa bwino

Choyambitsa chake nthawi zambiri chimakhala chimodzi: mukufanizira nodi ndi ana ake okha. Chotsani 40 mu mtengo wathu, muikepo 60. Pofanizira ndi kholo lake palibe cholakwa, 60 ndi yaikulu kuposa 30 ndipo ili kumanja. Koma ili mu nthambi ya kumanzere kwa 50, komwe chilichonse chiyenera kuchepera 50.

Yesani ndi `inorder`: mupeza 10, 20, 30, 60, 50, ndipo potsikapo ndi pamene pali vuto. Kapena tsikani ndi malire awiri kuchokera kwa makolo, kuti pofika pa malo a 60 mukhale mukudziwa kuti nambala yololedwa ili pakati pa 30 ndi 50. Malire amenewa ndi chitsanzo cha uthenga wotsika kuchokera kumtunda.

## Milingo yasakanikirana

Mumafuna `[50]`, `[30, 70]`, `[20, 40, 90]`, `[10, 80]`, koma manodi a milingo iwiri akugwera m'gulu limodzi, kapena ena akuthawira gulu lotsatira.

1. Mukuwerenga kutalika kwa mzere uku mukuusintha. Mu Java, `i < q.size()` imawerengedwanso lupu ikamazungulira ulendo uliwonse, pamene inu mukuchotsa makolo n'kumaikamo ana. Sungani kutalikako mulingo usanayambe:

```java
int kukula = q.size();
for (int i = 0; i < kukula; i++) {
    Node nodi = q.poll();
    // ikani ana a nodi pa q
}
```

Mu Python `range(len(mzere))` imawerengedwa kamodzi, ndiye vutoli silibwera mwa njira imeneyi. Munthu akasamutsa khodi kuchoka ku Python kupita ku Java kapena C++ ndi pamene limatulukira.

2. Mndandanda wa mulingo mwaupangira kunja kwa `while`. Milingo yonse ikulembera mu mndandanda umodzi. Pangani watsopano pa chiyambi cha mulingo uliwonse.

## `RecursionError` kapena `StackOverflowError`

Fankishoni ikadziitana, kompyuta imasunga malo oti idzabwererepo, ndipo malo amenewa ali ndi polekezera. Mu Python malire a chizolowezi ndi 1000.

1. Mtengo ndi wautali kuposa mmene mumaganizira. Izi zimachitika kwambiri pamene manambala analowa mu mtengo wosanjidwa ali kale motsatizana. Ikani 1, 2, 3 mpaka 5000 mu mtengo womwe sudzikonza wokha, ndipo nodi iliyonse ikhala mwana wa kumanja wa inzake. Mtengowo wasanduka chingwe cha milingo 5000. Chizindikiro chake n'choti khodi imayenda bwino pa zoyesera zazing'ono n'kugwa pa deta yeniyeni. Kukonza kwake sikufuna kuti musiye DFS. Lembani DFS yomweyo ndi mulu wanuwanu:

```python
mulu = [muzu]
while mulu:
    nodi = mulu.pop()
    print(nodi.val)
    if nodi.right: mulu.append(nodi.right)
    if nodi.left:  mulu.append(nodi.left)
```

2. Palibe poimira. Ngati ikugwa ngakhale pa mtengo wa manodi atatu, kuya sikukukhudzidwa. Mwina mwaitana `dfs(nodi)` m'malo mwa `dfs(nodi.left)`, ndiye fankishoni ikungobwereza nodi yomweyo.

3. Chomwe mukuyendamo si mtengo. Onani gawo la pulogalamu yosatha.

Ambiri amathamangira `sys.setrecursionlimit`. Pa zoyeserera palibe vuto kukweza pang'ono, koma pa pulogalamu yomwe anthu akuidalira sindikulimbikitsa. Mukakweza mopyola zomwe makina angathe, pulogalamu ikhoza kufa mwadzidzidzi popanda uthenga woti muugwire, ndipo mtengo ukakulanso vuto libweranso.

## Memore ikutha, kapena pulogalamu ikukwawa

Apa ndi pamene maonekedwe a mtengo amalamula, ndipo manambala amathandiza kuti nkhaniyi imveke. Tengani mtengo wodzaza wa milingo 20, nodi iliyonse ili ndi ana awiri. Manodi onse ndi 1,048,575, ndipo 524,288 mwa iwo ali pa mulingo wotsiriza. BFS ikafika pansipo, mzere wake umanyamula manodi oposa theka la miliyoni nthawi imodzi. DFS pa mtengo womwewo imasunga manodi pafupifupi 20, njira yochoka pa muzu kufika pamene ili. Tsopano tembenuzani, mutenge chingwe chija cha milingo 5000. Mzere wa BFS sudzaposa nodi imodzi, pamene DFS yodziitana yokha imafuna malo 5000. Choncho memore ya DFS imatsata kutalika kwa mtengo, ya BFS imatsata kutambalala kwake.

1. BFS pa mtengo wotambalala pamene mukuyendera mtengo wonse. Ngati simukufuna chapafupi kapena milingo, BFS sikukupindulirani kanthu. Sindikizani `len(mzere)` pa chiyambi cha mulingo uliwonse. Nambala ikamawirikiza, pitani ku DFS.

2. Mzere wanu ndi `list` ndipo mukuchotsa ndi `pop(0)`. Nthawi iliyonse mukachotsa choyamba, Python imasuntha zonse zotsala. Pa manodi 100 simungazindikire, koma pa mzere wa manodi zikwi mazanamazana pulogalamu imachedwa zooneka. Gwiritsani ntchito `deque`.

3. Nodi iliyonse pa mzere yanyamula njira yake yonse. Kulemba `njira + [mwana]` kumapanga mndandanda watsopano pa nodi iliyonse. Sungani kholo la nodi iliyonse basi, ndipo mukapeza chomwe mumafuna mubwerere m'mbuyo kholo ndi kholo mpaka pa muzu.

4. Mukufuna chapafupi, koma mtengo ndi wotambalala moti BFS sikwana. Pali njira yapakati. Yendetsani DFS yomwe siloledwa kupyola mulingo 1, ikalephera mubwereze ndi malire a 2, kenako 3, mpaka mupeze. Zikuoneka ngati kutaya nthawi poti milingo ya kumtunda mukuibwereza, koma mu mtengo wa ana awiriawiri pafupifupi theka la manodi lili pa mulingo wotsiriza, ndiye ntchito yonse imangowirikiza pafupifupi kawiri, pamene memore ikhala yochepa ngati ya DFS.

## Pulogalamu sikutha, kapena nodi ikutuluka kangapo

1. Mukubwerera kwa kholo. Mtengo ukaperekedwa ngati mndandanda wa manodi olumikizana, 50 imatchula 30 ndipo 30 imatchulanso 50. Mukapanda kusamala muzingopita ndi kubwera. Patsani fankishoni nodi yomwe mwachokera kuti iidumphe.

2. Deta ili ndi njira yozungulira. Mafoda amaoneka ngati mtengo, koma ulalo umodzi wolozera foda ya kumtunda umapanga bwalo. N'chifukwa chake `os.walk` ya Python sitsata maulalo otere pokhapokha mutalemba `followlinks=True`. Sungani manodi omwe mwaona mu `set`.

3. Mukulemba kuti nodi yaonedwa pochotsa, osati poika. Pa BFS ya mu galafu, deta yomwe nodi imodzi ingafikiridwe ndi njira zingapo, makolo awiri akhoza kuika nodi yomweyo pa mzere isanachotsedwe. Ilembeni nthawi yomwe mukuiika.

## Khodi ikugwira, koma ndikukanika kufotokoza chifukwa chake

Pa mayeso kapena pofunsidwa ntchito, apa ndi pamene ambiri amatayira mphambu. Wofunsayo akufuna kumva zinthu zitatu: mawu a m'funso amene akutsogolerani, khalidwe la njira yomwe mwasankha lomwe likutsimikizira yankho, ndi memore yomwe mulipire. Pa funso la tsamba lapafupi, mutha kunena motere:

"Funso likufuna choyandikira muzu, ndipo nthambi zonse n'zofanana kulemera. BFS imamaliza mulingo isanatsike, ndiye tsamba loyamba kulipeza ndilo yankho, ndipo ndiima pomwepo. Zikavutitsitsa ndiona manodi onse, ndipo mzere ukhoza kukula ngati mulingo wotambalala kwambiri. Mtengo ukanakhala wotambalala kuposa memore yomwe ndili nayo, ndikanagwiritsa ntchito DFS ya malire."

Pa funso la kutalika kwa mtengo mungati kholo likudikira mayankho a ana, manodi onse ayenera kuonedwa ndithu, choncho kuima msanga kwa BFS kulibe phindu ndipo `postorder` ndiyo ikuyenera. Funso likakhala longowerenga manodi, nenani poyera kuti njira zonse ziwiri zikugwira, ndipo mwasankha potengera maonekedwe a mtengo. Yankho limenelo n'loona, ndipo limaposa kupeka chifukwa chomwe kulibe.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

- Khodi yanu ikufufuta kapena kusintha zinthu ikamayenda, monga mafayilo kapena zolembedwa mu nkhokwe ya deta yomwe anthu akugwiritsa ntchito. Yambani mwaiyendetsa ikungosindikiza zomwe ikanafufuta, ndipo wina wodziwa aone mndandandawo. Ulalo umodzi wolozera kunja kwa foda ungakufufutitseni zinthu zomwe simumafuna kuzikhudza.
- Mwapeza bwalo mu deta yomwe imayenera kukhala mtengo, mwachitsanzo nodi yomwe yakhala kholo la kholo lake. `set` iletsa kuzungulira, koma deta ikhalabe yoonongeka, ndipo woyang'anira nkhokweyo ayenera kudziwa kuti apeze chomwe chinalemba zimenezo.
- Pulogalamu ikufa popanda uthenga mutakweza malire a kudziitana. Bwezerani malire akale, musapitirize kuonjezera.
- Mtengo sukukwana mu memore ya kompyuta imodzi, kapena kutsegula nodi iliyonse kukutumiza funso ku nkhokwe kapena pa netiweki. Manodi 100,000 ndiye mafunso 100,000, ndipo kusintha DFS kukhala BFS sikungachepetse nambala imeneyo kufikira wina atakonza zoti ana a mulingo wonse azitengedwa ndi funso limodzi.
- Mtengo ukusinthidwa ndi mbali ina ya pulogalamu pamene inu mukuyendamo, ndipo zotuluka zikusiyana ulendo ndi ulendo pa deta yomweyo.

Popita kwa katswiriyo, tengani mtengo waung'ono kwambiri womwe ukuonetsabe vutolo, zomwe mumayembekezera, zomwe zatuluka, ndi manambala awiri: kutalika kwa mtengo weniweniwo ndi kuchuluka kwa manodi pa mulingo wake wotambalala kwambiri.